Kapemphedwe ka ndemanga kwa makasitomala a saluni

Uthenga wopempha ndemanga ya pa Facebook kapena pa Google usatumizidwe tsiku lomwe kasitomala wachoka mu saluni. Tsiku limenelo aliyense amayamikira, poti tsitsi likadawala. Dikirani masiku awiri kapena atatu. Ngati munaluka mokoka kwambiri, mutu umakhala utayamba kupweteka ndipo timatuza taoneka m'mbali mwa chipumi. Ngati mankhwala owongola tsitsi anakhalitsa, zilonda zimakhala zaonekera. Pa zikhadabo dikirani sabata, muone ngati sizikumatuka. Ndemanga yolembedwa zonsezi zitadziwika ndiyo imathandiza mayi amene akufuna saluni yoti apiteko.

Nambala ya foni muzipempha polipira, n'kunena chomwe mukuifunira. Uthenga wa pa WhatsApp ukhale waufupi, wotchula ntchito yomwe munagwira:

"Mwaswera bwanji amayi? Kuno ndi ku saluni komwe munalukitsa meshi Lachiwiri. Mukapeza mpata, tilembereni ndemanga pa linki ili m'munsiyi. Lembani mmene mwaonera, chabwino ndi chomwe sichinakusangalatseni. Ngati simukufuna, palibe vuto. Zikomo."

Taonani kuti mulibemo mawu oti "mutipatse nyenyezi zisanu". Mukamuuza munthu zoti alembe, ndemanga zonse zimafanana, ndipo owerenga amazindikira msanga kuti n'zochita kuphunzitsidwa. Linki muitenge pa tsamba lanu la Facebook, kapena pa Google Business Profile, tsamba la bizinesi yanu pa Google, pomwe palembedwa "Ask for reviews". Muyambe mwaiyesa pa foni ya mnzanu, chifukwa munthu satha bandulo yake kusakasaka saluni yanu.

Povuta ndi pa basela. Kulonjeza mayunitsi, kuchotsera mtengo kapena kutsuka tsitsi mwaulere posinthana ndi ndemanga kumaoneka ngati ulemu chabe, koma wolandira mphatso sanganenenso kuti anadikira maola awiri asanakhale pampando. Amachita manyazi. Malamulo a Google amaletsa ndemanga zogula chotere ndipo akhoza kuzichotsa. Amaletsanso kusankha okhawo amene mukudziwa kuti akondwa, choncho uthengawu upite kwa onse amene anapereka nambala, osati okhawo anatuluka akumwetulira. Ngati mumapereka basela kwa makasitomala okhazikika, pitirizani, bola lisamangiriridwe ku ndemanga.

Kukakamiza kwina sikumveka ngati kukakamiza. Kumuuza kasitomala kuti alembe pompo, woluka ataima kumbuyo kwake, ndi kumutseka pakamwa. Chimodzimodzi kunena kuti "mtsikana wathuyu ntchito imuthera mukapanda kulemba". Ogwira ntchito ndi achibale anu asalembe ngati makasitomala.

Akapanda kuyankha, kumbutsani kamodzi pakatha sabata, basi. Wina akalemba kuti munamuluka mothina kwambiri, muyankheni mwaulemu pomwepo, mumuitane adzamasulidwe mizere yam'mbali, ndipo musamupemphe kuti afufute zomwe walemba.