Katundu wachedwa padoko: kumuuza bwanji kasitomala

"Katundu wa kasitomala wanga wa nthawi zonse achedwa masabata awiri chifukwa cha kuchedwa kwa ntchito padoko. Ndimuuze bwanji?"

Yambani mwafunsa wokutulutsirani katundu ngati sitima yatsitsa kale kontena kapena ikudikirabe pamzere. Ngati ikadali panyanja, masabata awiriwo akhoza kupitirira.

Kenako muimbireni foni kasitomalayo lero lomwe, asamve kwa ena. Nenani kuti: "Pepani bwana, katundu uja tinagwirizana kuti afika pa 6, koma afika pa 20. Sitima sinatsitse." Tchulani tsiku, mawu oti "posachedwa" ndi amene amapsetsa mtima. Patsikulo muwerengeremo masiku a kasitomu ndi apamsewu.

Mfunseni chomwe chimuthere msanga. Ngati muli nacho pang'ono, mupatseni chimugwirize.

Mukatha, mulembereni uthenga wa zomwe mwagwirizana, ndipo mudzamuimbirenso kontena ikangotuluka padoko.