Kayankhidwe ka wogula amene sakuleka kunenerera pa WhatsApp

Alimi ambiri masiku ano akugulitsa mbewu zawo pokambirana ndi ogula pa WhatsApp, ndipo dandaulo limene timalimva kawirikawiri ndi lakuti wogula amangolemba kuti "tsitsaniko pang'ono" mpaka mlimi kutopa, n'kuvomera mtengo womuluzitsa kapena kuyankha mwaukali n'kutaya kasitomala. Vuto limayamba pamene mlimi walowa m'zokambirana asakudziwa mtengo umene sangatsike kupitirira apo.

Musanayankhe uthenga woyamba, lembani m'kope zonse zimene munawononga pa mbewu, ganyu, mankhwala, matumba ndi mayendedwe, mugawe ndi chiwerengero cha matumba amene mwakolola, kenaka muwonjezerepo phindu limene mukulifuna. Yerekezaninso ndi mitengo yotsikitsitsa yogulira mbewu imene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza nyengo yogulitsa ikamayamba. Mtengo umene watulukawo ndi chinsinsi chanu, ndipo umene mutchule kwa wogula ukhale pamwamba pake, kuti mukhale ndi potsikira.

Tiyerekeze ndi mlimi amene ali ndi matumba 20 a soya, a makilogalamu 50 lililonse. Mitengoyi ndi yachitsanzo chabe. Iye watchula K60,000 pa thumba, koma m'kope mwake walemba kuti sangatsike kupitirira K56,000. Wogula walemba kuti apereka K50,000. Yankho labwino liyambe ndi ulemu, lipereke chifukwa, ndipo lisatsitse kanthu panthawi yoyambayi: "Zikomo bwana posonyeza chidwi. Soyayu ndi wouma bwino komanso wopetapeta, monga mukuonera pa chithunzipa. Pa K50,000 sindingathe. Kodi mukufuna matumba angati, ndipo mudzanyamula nokha?" Mafunso awiriwo ndi ofunika kwambiri, chifukwa amachotsa nkhani pa mtengo wokha n'kuipititsa pa zinthu zimene mungasinthanitse.

Apa ndi pamene pagona luso lonse: musatsitse mtengo popanda wogula kuperekapo kanthu. Ngati kufikitsa thumba limodzi pamsika kumakudyerani K2,000, mutha kulemba kuti, "Mukadzatenga nokha pakhomo pano, ndikuchotserani K2,000, likhala K58,000." Pamenepa simunataye kalikonse, chifukwa ndalamayo ikanapita kwa mwini galimoto. Akapemphanso kachiwiri, chotsani zocheperapo, monga K1,000, pokhapokha atatenga matumba onse 20 ndi kulipira ndalama yonse tsiku lomwelo. Kutsitsa kwachiwiri kuchepe kuposa koyamba, kuti wogula aone yekha kuti mukufika kumapeto. Mlimi amene wachotsa K1,000 koyamba kenaka K3,000 amakhala wauza wogula kuti kulimbikira kumapindulitsa, ndipo wogulayo salekanso.

Chenjerani ndi wogula amene wasintha n'kuyamba kunenerera pa kilogalamu. Akalemba kuti "ingochotsaniko K20 yokha pa kilo," zimamveka ngati kanthu kochepa, koma K20 pa makilogalamu 50 ndi K1,000 pa thumba, ndipo pa matumba 20 ndi K20,000. Ubwino wokambirana polemba ndi wakuti palibe amene akukuyang'anani m'maso, choncho ikani foni pansi, muwerengetse, kenaka muyankhe. Ine ndimalangizanso kuti mitengo muzichita kulemba m'malo motumiza uthenga wa mawu, popeza zolemba n'zosavuta kuzionetsa tsiku lonyamula katundu wina akayamba kukana zimene anavomera.

Ena amati kwina apeza soya wotchipa. Musatsutsane nawo kapena kunyoza anzanu ogulitsa. N'zokwanira kulemba kuti, "N'kutheka ndithu bwana, koma wanga ndi ameneyu ndipo mtengo wake ndi umenewu." Akabweranso kachitatu, tsekani nkhani mwaulemu: "Pepani bwana, K57,000 ndiye mtengo womaliza. Ndikusungirani katunduyu mpaka Lachisanu madzulo, kupitirira apo ndipereka kwa ena." Mukalemba mawu akuti womaliza, akhaledi omaliza, chifukwa mukatsitsanso pambuyo pake wogulayo sadzakhulupiriranso mawu anu ngakhale chaka chamawa. Musanamenso kuti pali wina amene akufuna katunduyo pamene palibe, popeza mavenda a dera limodzi amadziwana ndipo amafunsana.

Mukagwirizana, lembani uthenga umodzi wotchula matumba, kulemera kwake, mtengo, tsiku, sikelo imene mudzayezere, ndi amene adzalipire ndalama yotapira ngati malipiro akudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo mupemphe wogula ayankhe kuti wavomera. Izi zimatseka mpata wa kunenerera komaliza, kumene kumachitika galimoto itafika kale pakhomo, wogula n'kunena kuti ndalama yaperewera pang'ono. Zikatero muonetseni uthengawo modekha, ndipo mumupatse matumba olingana ndi ndalama imene ali nayo pa mtengo womwe munagwirizana. Thumba lisakwere m'galimoto musanaone nokha mu akaunti yanu kuti ndalama yalowadi, chifukwa chithunzi cha meseji chimene wogula wakutumizirani si umboni wa malipiro.