Momwe mungalumikizire magulu 5 ndi magawo 10 poyendetsa pulojekiti

Tengani pepala, mulembe mizere isanu yotsika ndi khumi yopingasa. Tebulo lotereli likuchokera m'buku la kayendetsedwe ka mapulojekiti lotchedwa PMBOK, la bungwe la akatswiri oyendetsa mapulojekiti la PMI, kope lachisanu ndi chimodzi la 2017, ndipo muli ntchito 49.

Pamwamba lembani magulu asanu: kuyambitsa, kukonza mapulani, kugwira ntchito, kulondoloza ndi kuwongolera, kutseka. Kumanzere tsitsani magawo khumi: kulumikiza zonse, kukula kwa ntchito, nthawi, ndalama, ubwino wa ntchito, anthu ndi zipangizo, mauthenga, ziopsezo, kugula katundu, ndi anthu okhudzidwa. Gulu limakuuzani zomwe mukuchita pakadali pano, pomwe gawo limakuuzani kuti mukuzichita pa nkhani iti.

Musavutike kudzaza mabokosi onse, ena amakhala opanda kanthu. Poyambitsa pali ntchito ziwiri zokha, kulemba chikalata chololeza pulojekiti ndi kudziwa okhudzidwa. Kukonza mapulani kokha kumatenga 24, kugwira ntchito 10, kulondoloza 12, kutseka imodzi basi. Gawo lopezeka m'magulu onse asanu ndi limodzi lokha, la kulumikiza zonse.

Tsopano sankhani mzere umodzi wopingasa muuyende mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mukumanga makalasi awiri pa bajeti ya K40 miliyoni, ndipo mwasankha mzere wa ndalama. Pokonza mapulani mumagwirizana kayendetsedwe ka ndalama, kuwerengera mtengo wa simenti, malata ndi amisiri, n'kumanga bajeti. Bokosi la kugwira ntchito pa mzerewu lilibe kanthu, chifukwa kugula simentiyo kuli pa mzere wa kugula katundu. Ndalama mukumananso nazo polondoloza.

Apa ndi pofunika kudekha. Mwagwira theka la ntchito, ya mtengo wa K20 miliyoni malinga ndi pulani, koma malisiti akuonetsa kuti mwalipira K26 miliyoni poti simenti inakwera. Mwapyola ndi K6 miliyoni. Musangouza kapitawo kuti achotse khonde. Lembani pempho losintha, lipite ku gawo la kulumikiza zonse, komwe amaona zomwe lingakhudze. Kuchotsa khonde kumasintha kukula kwa ntchito, ndipo komiti ya sukulu iyenera kumva. Kudikira ndalama zina kumakhudza nthawi, mwina mvula n'kukupezani musanafolere. Pempho likavomerezedwa, bwererani kukakonzanso bajeti ndi ndandanda.

Mwabwerera ku mapulani zipupa zili kale m'mwamba. Ambiri ongoyamba amasokonezeka apa poganiza kuti magulu asanuwa ndi masitepe otsatizana. Ayi, kulondoloza kumayendera limodzi ndi enawo kuyambira tsiku loyamba, ndipo pa ntchito yaikulu chigawo chilichonse, kaya ndi mapulani a nyumba kaya kumanga kwenikweniko, chimadutsa m'magulu onse asanu.

Ngati mukukonzekera mayeso a PMI, funsani kaye kope lomwe akugwiritsa ntchito, chifukwa la 2021 linasanja nkhaniyi mwina, pa mfundo 12 ndi madera 8.