Ziphuphu zabuka mutayamba tiretinoyini: musiye kapena mupitirize?

Mng'ono wanga wa ku Chilenje anayamba kudzola adapalini wa 0.1 peresenti, mankhwala a ziphuphu a gulu limodzi ndi tiretinoyini, mu Juni. Pofika sabata yachitatu chibwano chinali ziphuphu zokhazokha, ndipo anafuna kutaya kachubuko. Ndinamufunsa funso limodzi lokha: zatuluka pati?

Inunso yambirani pamenepo. Adapalini, tiretinoyini ndi asidi wa salisiliki amafulumizitsa khungu kufundula, choncho timabowo tomwe tinatsekeka kale timalavula zam'kati nthawi imodzi. Izi ndi zomwe ambiri amati pajing'i. Ziphuphu zake zimatuluka pamalo pomwe zimakuvutani masiku onse, zimafanana ndi zakale, ndipo zimauma msanga. Iye chibwano ndiye munda wake wa ziphuphu kuyambira kusekondale. Masaya anali bwinobwino.

Kenako werengani masabata. Pajing'i imayamba m'masabata oyambirira n'kumazilala pofika sabata 6 mpaka 8. Jambulani nkhope Lamlungu lililonse pawindo lomwelo, chifukwa galasi limanama mtima ukakhala m'mwamba. Mukafika masabata 12 zikungoipirabe, kaonaneni ndi dokotala wa khungu.

Khungu likawakana mankhwala, zimamveka musanazione. Limaotcha ngati mwapakapo tsabola, ngakhale madzi okha amaluma. Limayabwa, limatupa, ndipo timatotupa ting'onoting'ono tofanana timafalikira pakhosi, m'zikope kapena pomwe simunatulukepo chiphuphu. Musadikire kufiira: pakhungu lakuda malowo amangoda kwambiri kapena kutuwa, ndipo mukaumirira mudzatsala ndi zipsera zakuda za miyezi yambiri. Zikatere siyani. Sambani ndi madzi ofunda pang'ono, dzolani Vaselini kapena mafuta opanda fungo, mupume sabata imodzi kapena ziwiri. Milomo kapena maso zikatupa, matuza akatuluka, kapena mukamabanika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Pakati pa ziwirizi pali kuuma ndi kusupuka pang'ono m'mbali mwa mphuno ndi pakamwa, makamaka ndi mphepo ya Juni ndi Julaye ku Lusaka kuno. Apa chepetsani chabe. Mng'ono wanga anasiya kudzola usiku uliwonse n'kuyamba kawiri pa sabata, kadontho konga njere ya chimanga nkhope yonse, khungu litauma, mafuta pamwamba, sanisikirini m'mawa. Sikirabu ndi asidi wina amene ankadzola ndinamulanda. Pofika sabata 7 chibwano chinayamba kusalala.

Mafuta wamba, sopo kapena vitamini wodzola wotchedwa nayasinamaidi sizifulumizitsa khungu kufundula, ndiye zikakutulutsani ziphuphu, wogulitsa asakunamizeni kuti "zikutulutsa zoipa, sisi". Chimodzimodzi ngati mwangosiya kumene mafuta oyeretsa khungu okhala ndi siteroidi monga betametasoni kapena kilobetaso: nkhope imawira chifukwa chosiya siteroidi, ndipo kuthirapo tiretinoyini kumangowonjezera moto. Chubu chakalecho mupite nacho kwa dokotala. Ndipo ngati muli ndi pakati kapena mukuyembekezera kutenga, tiretinoyini ndi adapalini siyani lero, ziphuphu zikhale pati kapena pati.