Kadzuwa ka pa wotchi kakuwonongetsani mankhwala

Mvula ya chaka chino yandionetsa vuto limene sindinkalidziwa kale. Alimi ambiri, makamaka achinyamata, agula mawotchi olumikiza ku foni, n'kuikapo nkhope zokongola zokhala ndi kabokosi ka nyengo ndi kena kowerenga masitepe. Zimenezo zilibe kanthu. Chondidetsa nkhawa n'chakuti munthu akuona kadzuwa padzanja, basi wanyamula sipuleya.

Wotchi siidziwa za mvula. Masitepe imawerenga yokha, chifukwa mkati mwake muli kachipangizo komva kugwedezeka kwa dzanja. Koma za nyengo imachita kupatsidwa ndi foni kudzera pa Bluetooth, ndipo foniyo imazitenga pa intaneti. Bandulo ikatha, kapena foni ikatsala kunyumba pa sola inu muli kumunda, mawotchi ambiri amangosunga zimene analandira komaliza. Bluetooth imafika mamita 10 okha kapena kupitirira pang'ono. Ndiye poti nambala ya masitepe ikukwerabe, mwini wake amaganiza kuti zonse pankhopepo n'zatsopano.

Bambo wina wa ku Chiparamba, kufupi ndi Chipata, anandiuza modandaula: "Alangizi, wotchi inalonjeza dzuwa, ine n'kupopera mbozi m'chimanga chonse. Tisanatsuke n'komwe sipuleya, chimvula!" Titadina kabokosiko tinapeza kuti nyengoyo inali ya dzana, ndipo tauni yolembedwapo inali Lusaka, kumene mwana wawo anawaikira nkhopeyo. Mankhwala anapita ndi madzi, aganyu analipidwa, mbozi zinapitiriza kudya m'mitima ya chimanga, ndipo anagulanso botolo lina.

Chimene chimanditopetsa ndi chizolowezi chathu chakale chopatsa mwana kuti "ndikonzereko", osafunsa wachita chiyani. Chinanso, timazimitsa data ndi Location kuti batire ikhalitse, kenako tiyembekeza wotchi ilosere. Kuzindikira sikuvuta: ngati kutentha kukuonetsa 24°C m'mawa, masana ndi usiku womwe, kabokosiko kaima. Ngakhale katakhala kolondola, mvula yathu ya mabingu imagwa ku Msekera osafika ku Kapata, pomwe kabokosi kamapereka chithunzi chimodzi cha tauni yonse ya Chipata.

Kukonza kwake: pa mawotchi oyendera pulogalamu ya Google yotchedwa Wear OS, dinani nkhope osachotsa chala, sankhani Customize kapena Edit, dinani kabokosiko musankhe Weather. Pa otchipawa, lowani mu apu ya wotchi pa foni, pa Weather, mulembe Chipata. Apuyo muilole Location pa Allow all the time, ndipo pa Battery muike Unrestricted kuti foni isamaitseke. Sankhani nkhope yoonetsa dzina la tauni ngati ilipo. M'mawa uliwonse yatsani data, tsegulani apu wotchi ili pafupi, muone nthawi imene nyengo yalandiridwa. Tsiku lopopera mverani kaye za a Zambia Meteorological Department pa wailesi, muyang'anenso kumwamba.