Kutsuka mano mpaka ku mizu: mmene zimakhalira ndi nthawi yobwerera kuchipatala

Nkhama zikamatuluka magazi potsuka mano, ambiri amati ndi chiseyeye chabe, nkumangodikira kuti chidzatha chokha. Chikapitirira, nkhama zimalekana ndi dzino, pakati pake nkupangika kathumba. M'kathumbamo mumaunjikana litsiro lomwe limauma gwa, ndipo tizilombo tokhalamo timachititsa kuti fupa logwira dzino lizidyeka. Mswachi sufika pansi pa kathumba kozama, nchifukwa chake pamafunika kutsuka kwa kuchipatala kofika ku muzu.

Ntchito imayamba ndi kuyeza. Dokotala wa mano amalowetsa kachitsulo kowonda kokhala ndi timizere pakati pa dzino ndi nkhama, malo 6 pa dzino lililonse. Pa nkhama zabwino kamalowa milimita 1 mpaka 3. Pakakwana 4 kapena kuposa, makamaka ngati pakutuluka magazi, ndiye kuti pali kathumba. Ekisire imaonetsa fupa lomwe latha kale. Pemphani kuti manambalawa alembedwe m'buku lanu la kuchipatala, chifukwa ndi omwe adzasonyeze ngati mukuchira. Nenaninso ngati muli ndi shuga, vuto la mtima kapena mukumwa mankhwala osungunula magazi.

Tiyerekeze kuti bambo wa zaka 45 wa kwa Santhe, wosuta fodya, wapita ku Chipatala cha Boma cha Kasungu ndipo mano ake akumbuyo apezeka ndi timatumba ta mamilimita 6. Pakamwa amapagawa zigawo zinayi, kumwamba ziwiri, kumunsi ziwiri, ndipo kawirikawiri amatsuka chigawo chimodzi kapena ziwiri pa ulendo umodzi. Amayamba ndi jakisoni wochititsa dzanzi. Kenako pamabwera makina a nsonga yonjenjemera, othira madzi uku akuswa litsiro loumalo pamwamba ndi pansi pa nkhama. Akatero dokotala amatenga tizitsulo tam'manja topindika kunsonga nkupala muzu pang'onopang'ono mpaka usalale. Apa ndi pomwe pamatenga nthawi, chifukwa dokotala saona mkati mwa kathumba, amangomva ndi chitsulo ngati pakadali pokhakhala. Cholinga si kusema dzino ayi, koma kusiya muzu woyera kuti nkhama zikumbatirenso.

Dzanzi lisanathe musadye, mungadzilume tsaya osamva. Masiku awiri kapena atatu nkhama zimawawa ndipo malovu amatha kuoneka ofiira pang'ono. Idyani zofewa, chimanga chokazinga ndi nzimbe ziyambe zadikira. Kuyambira tsiku lotsatira chukuchani m'kamwa ndi madzi ofunda amchere, theka la sipuni yaing'ono m'kapu imodzi, ndipo musasiye kutsuka, kungoti muzitsuka mofatsa ndi mswachi wofewa. Mukapatsidwa mankhwala ochukucha, musapyole masiku omwe mwauzidwa, chifukwa ena amadetsa mano. Magazi akapanda kuleka, tsaya likatupa kapena thupi likatentha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Pakatha sabata zingapo bambo uja adzaona kuti mano akuoneka aatali, pakati pake patseguka timipata, ndipo akamwa madzi ozizira akulasa. Pamenepa ndi pomwe anthu amanena kuti a dokotala aononga mano. Sichoncho. Nkhama zinali zotupa ndipo zaphwa, litsiro lomwe linkatseka mipata lachoka, tsopano kuchepa kwa fupa kwaonekera. Kulasako kumachepa pakapita sabata zingapo, koma fupa lomwe linatha silibwerera lokha.

Pakadutsa sabata 6 mpaka 8 amayezanso malo omwe aja. Tinene kuti timatumba tambiri tatsika kufika pa 4 ndipo magazi aleka, koma dzino limodzi lakumbuyo likadali pa 6. Izi zimachitika pa mano a mizu iwiri kapena itatu, chifukwa pa mphanda ya mizu chitsulo chimavuta kufika. Dokotala angatsukenso pamenepo, kapena kutumiza wodwalayo ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kuti akaone ngati pakufunika opaleshoni yaing'ono yotsegula nkhama. Fodya amachedwetsa kuchira, komanso amabisa matenda, chifukwa nkhama za wosuta sizituluka magazi msanga ngakhale zikuonongeka.

Kuchokera apo, munthu amene anakhalapo ndi timatumba tozama azipita miyezi itatu iliyonse, osati kudikira miyezi 6 ngati wopanda vuto. Chifukwa chake nchakuti tizilombo tija timachulukananso m'timatumba pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Maulendo amenewa ndi aafupi: amayeza, amatsuka pamwamba, nkupala pokhapo pomwe pakutuluka magazi. Manambala akakhazikika kwa chaka ndipo kunyumba mukutsuka kawiri pa tsiku, pakati pa mano pomwe, dokotala angatalikitse kufika miyezi 4 kapena 6. Wosuta fodya ndi wodwala amene shuga wake sakutsika bwino akhale pa miyezi itatu. Ngati ndinu mlimi, gwirizanani ndi dokotala masiku onse a chaka pasadakhale, kuti ulendo wa nyengo yobzala kapena yothyola fodya usadzadumphidwe.