Momwe mungadziwire masiku a dzira mukafuna kutenga pakati: chikazi, tempulecha ndi ma sitiripi

Amayi anzanga, nkhani yoti dzira limatuluka pa tsiku la 14 kwa aliyense ija yasocheretsa anthu ambiri. Chomwe sichisinthasintha kwambiri ndi masiku ochokera pomwe dzira latuluka kufika posamba, amakhala pafupifupi 14, koma chigawo chochokera tsiku loyamba kusamba kufika pomwe dzira latuluka chimatalika kapena kufupika malinga ndi thupi la munthu. Dzira likatuluka limangokhala maola 12 mpaka 24 basi, pomwe mbewu ya abambo imatha kudikira mkati mpaka masiku 5 ngati chikazi chili chabwino. Ndiye masiku ofunika ndi asanu dzira lisanatuluke, kuphatikiza tsiku lenilenilo. Njira zitatuzi ine ndimaziphatikiza chifukwa iliyonse imanena zake: chikazi chimakuchenjezani kuti layandikira, sitiripi, kapepala koviika mu mkodzo, imati mawa kapena mkuja, tempulecha imangotsimikiza kuti ladutsa kale.

Gulani kakope ka sukulu, tsiku lomwe magazi ayamba kutuluka bwinobwino lembani 1, timadontho ta dzulo lake tija musawerengere. Ma apu a pafoni ndi abwino posunga zomwe mwalemba koma tsiku lomwe amakulozerani amangoyerekeza, sanaone thupi lanu.

Chikazi ndiye chaulere ndipo ndi chomwe ndimachikhulupirira kwambiri. Mukapita kuchimbudzi pukutani ndi tishu musanakodze, muone chomwe chatsalapo, kenako muchigwire pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mukangomaliza kusamba kumakhala kouma, kenako chimabwera chomata choduka msanga, kenako choyera chofewa, ndipo dzira likayandikira chimasanduka choonekera mkati, choterera, chotamuka ngati choyera cha dzira laiwisi, mukatalikitsa zala chimapanga ulusi osaduka. Ngakhale poyenda mumamva kuterera. Tsiku lomwe mwaona chimenechi yambani kukhala malo amodzi ndi bambo akunyumba, osadikira sitiripi kapena themomita ayi. Chomwe chimasokoneza ndi umuna wa usiku wathawu, umaoneka ngati chikazi choterera koma umaduka msanga ukatamula, ndiye ndi bwino kuona chakumasana kapena madzulo. Chikakhala chachikasu, chobiriwira, chonunkha kapena choyabwa, amenewo akhoza kukhala matenda pitani kuchipatala. Ndipo zija zoika kumusi kuti kuume kapena kutsuka mkati ndi sopo zisiyeni, mukuchotsa chinthu chomwe chimanyamula mbewu kupita nayo kuchiberekero.

Tsopano ma sitiripi, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ine zinandivuta. Timapepalati timayeza homoni yotchedwa LH mu mkodzo, yomwe imakwera mwadzidzidzi maola 24 mpaka 36 dzira lisanatuluke. Pogula onani kuti pa paketi palembedwa LH, pakalembedwa HCG imeneyo ndi yoyezera mimba, zimafanana kwambiri maonekedwe ndipo ogulitsa ena amangokupatsani chomwe ali nacho. Ine mtsikana wina wogulitsa mu famase anandiuza kuti mizere iwiri ikaoneka ndiye kuti dzira lafika, monga zimakhalira pa yoyezera mimba. Sizili choncho. LH yochepa imakhalamo m'thupi nthawi zonse, ndiye kamzere kofowoka kamatha kuoneka pafupifupi tsiku lililonse. Ine ndinkaona kamzereko molawirira, ife n'kulimbikira masiku amenewo, pofika nthawi yeniyeni tatopa tasiya. Sitiripi yanena kuti eya pokhapokha mzere wa T, woyeza LH, wadera mofanana ndi wa C, woonetsa kuti sitiripi ikugwira ntchito, kapena kuposa. Wa C ukapanda kuoneka, sitiripiyo ndi yakufa, tayani.

Kayezedwe kake, kodzerani mu kakapu kouma, viikani osapyola mzere wolembedwa MAX, goneketsani pamalo osalala ndipo muwerenge pa mphindi zomwe kapepala ka mu paketi kanena, ambiri ndi 5 mpaka 10. Ikauma mtundu umasintha ndiye yowerenga patapita ola ndi yabodza. Mkodzo wa m'mawa weniweni si wabwino kwa ma sitiripi ambiri, yezani pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku, ndipo kwa maola awiri musanayeze chepetsani madzi ndi tiyi, mkodzo wosungunuka umafowoketsa mzere. Kwa amayi ena LH imakwera n'kutsika tsiku lomwelo, ndiye mzere ukayamba kudera yezani kawiri, masana ndi madzulo. Ine ndimamata ma sitiripi owuma mu kope motsatana ndi selotepi, tsiku ndi ola pambali, zimathandiza kuona mmene mwezi wayendera.

Za mtengo, kugula imodziimodzi kumapweteka thumba, paketi ya zambiri imatchipa, ndipo zija za dijito zoonetsa kankhope komwetulira ndi zodula pomwe zimayeza homoni yomweyo. Koma samalani ndi ogulitsa pa WhatsApp omwe amakupatsani zomasulamasula mu kajumbo, popanda tsiku lothera ntchito, zina zakhala pa dzuwa la Okutobala m'galimoto. Iliyonse ikhale mu kapaketi kake komata. Kuti musawononge zambiri, tengani masiku ochokera tsiku loyamba kusamba kufika posambanso muchotsepo 17, tsiku limenelo ndi loyambira kuyeza. Amene muli ndi PCOS, vuto la mahomoni lomwe limasokoneza kutuluka kwa dzira, dziwani kuti sitiripi imatha kumangodera kangapo dzira osatuluka.

Tiyerekeze mayi amene amasamba pakatha masiku 31. Ayamba kuyeza pa tsiku la 14. Chikazi choterera wachiona pa 13, pa 14 ndi 15 mzere wa T ndi wofowoka, pa 16 madzulo wadera kufanana ndi C. Dzira lituluka cha pa 17, masiku ake abwino anali 12 mpaka 17, ndipo olimbikira kwambiri ndi 15, 16 ndi 17. Akanatsatira za tsiku la 14 n'kulekera pomwepo, akanaphonya masiku atatu amenewa. Kukhala malo amodzi tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi zonse zimagwira, musawapanikize abambo.

Tempulecha ndi yosavuta koma imafuna khama. Themomita ikhale ya dijito yoonetsa manambala awiri pambuyo pa kadontho, ngati 36.42, igone pafupi ndi pilo. Yezani pansi pa lilime mukangodzuka, musanatsike pabedi, ola lomwelo tsiku lililonse, mutagona maola osachepera atatu. Dzira likatuluka imakwera ndi madigiri 0.2 mpaka 0.5 n'kukhala pamwamba mpaka posamba. Mukaona masiku atatu otsatana okwera kuposa asanu ndi limodzi a m'mbuyo, dzira linatuluka. Kwa mayi wathu uja, za 36.3 zija zifika cha pa 36.6 kuyambira pa 18. Malungo, chimfine, mowa, kudzuka usiku ndi mwana zimasokoneza, lembani pambali.

Zotsalazo mwachidule: yambani kumwa foliki asidi 400 mcg musanaime. Tempulecha ikakhalabe pamwamba masiku 18, yezani mimba. Ikapanda kukwera miyezi iwiri itatu, kapena masiku ochokera tsiku loyamba kusamba kufika posambanso akuchepera 21 kapena kupyola 35, pitani kuchipatala ndi kope lanu. Mukayesa chaka osaima, kapena miyezi 6 ngati muli ndi zaka 35 kupita m'mwamba, mupite nonse awiri, abambonso akayezedwe mbewu.